Kaikidwe ka Mtengo wa Lendi ya Chipinda Kapena Benchi la Pamsika

Chipinda changa cha kuseri chinakhalapo miyezi itatu chili chokhoma, kiyi ali lende pamsomali. Anthu ankabwera, kusuzumira pawindo, kufunsa mtengo, kenako n'kunena kuti "tiimba foni," koma foniyo osalira. Ndinali nditakakamira pa mtengo umene ndinamva mnzanga wina akutchula pa chipinda chake. Chomwe sindinamufunse n'chakuti kodi m'chipinda chakecho munali munthu. Munalibe. Tonse awiri tinkangolondera akangaude, aliyense akulimba mtima poona mtengo wa mnzake.

Kuyambira pamenepo lendi ndimaiwerengera pa chaka, osati pa mwezi. Ndalama yomwe mwatchula ndi ina, yomwe ilowe m'thumba pakutha pa miyezi 12 ndi inanso, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi miyezi imene malo anu akhala opanda munthu. Ndifotokoza njira yake pogwiritsa ntchito chipinda chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako ndinene zomwe zimasintha likakhala benchi la pamsika. Manambala onse ndi achitsanzo chabe ndipo sindinawapatse dzina la ndalama. Inu muikepo anu.

Yambani ndi kulemba chimene muli nacho

Tengani kope, mulembe chipinda chanu monga momwe mlendo angachionere, osati momwe mumachikondera inu amene munachimanga. Kukula kwake pimani ndi tepi kapena ndi mapazi. Lembani ngati muli magetsi, komwe kuli madzi, ngati chimbudzi ndi bafa n'zapayekha kapena n'zogawana ndi mabanja angati, ngati pali mpanda, ndiponso mphindi zoyenda pansi kukafika pamsewu wokwerera galimoto. Lembaninso amene amalipira bilu ya madzi ndi magetsi.

Chipinda chathu chachitsanzo n'chimodzi, chasimenti, chili ndi magetsi, mpopi uli panja, chimbudzi n'chogawana, chili kumpanda, ndipo pamsewu ndi ulendo wa mphindi 10. Mabilu amalipira wokhalamo.

Ndalama zimene munawononga pomanga musazilembe pano. Wofuna nyumba sazifunsa, ndipo ngakhale mutamuuza sangawonjezere kanthu chifukwa choti simenti munaigula modula.

Kusaka malo oyerekezera

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mukufuna malo osachepera asanu ofanana ndi anu, a m'dera lomwelo, oti munthu amene akuganizira chipinda chanu akhoza kukaonanso tsiku lomwelo akuyenda pansi. Chipinda cha kutsidya kwa tawuni sichikuuzani kanthu, chifukwa wofuna kwanuko sakupikisanitsa inu ndi kumeneko.

Funso lofunsa si lakuti "akutchula zingati?" koma lakuti "amene akukhalamo akulipira zingati, ndipo analowa liti?" Mtengo wolembedwa pageti ndi chikhumbo cha mwini wake. Mtengo umene munthu akupereka mwezi ndi mwezi ndiye umboni. N'chifukwa chake ine ndimakonda kufunsa ochita lendi kusiyana ndi eni nyumba. Mwini nyumba amakonda kukweza pang'ono akamauza mnzake, kuti asaoneke wotchipitsa. Wochita lendi nthawi zina amatsitsa ngati wadziwa kuti inunso muli ndi chipinda. A ejenti nawo amapeza zambiri mtengo ukakwera, choncho mawu awo muwamve koma muwatsimikize kwina. Nambala imene mwaimva kwa anthu awiri osadziwana ndi imene mungaidalire.

Tinene kuti mwazungulira masiku angapo ndipo mwapeza zipinda zisanu ndi ziwiri. Choyamba n'chofanana ndi chanu pa zonse, wokhalamo analowa miyezi inayi yapitayo ndipo akulipira 500. Chachiwiri ndi 560, koma madzi ali momwemo. Chachitatu ndi 450, chilibe magetsi. Chachinayi ndi 620, chili ndi chimbudzi ndi bafa m'kati. Chachisanu ndi 480, n'chofanana ndi chanu koma pamsewu ndi mphindi 25. Chachisanu ndi chimodzi akutchula 700, ndipo chakhala chopanda munthu miyezi itatu. Chomaliza ndi 350, akukhalamo ndi mphwake wa mwini nyumba kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ziwiri zomalizazi zichotseni. Cha 350 si mtengo wapamsika, ndi chibale. Chimodzimodzinso chipinda chomwe munthu wakhalamo zaka zambiri lendi osakwera: chikukuuzani mtengo wakale. Cha 700 musachiwerengere, koma musachiiwale, chifukwa chakuphunzitsani chinthu chaulere, kuti pa 700 anthu akubwerera pageti.

Kufananitsa zosafanana

Zisanu zotsalazo sizofanana ndendende ndi chanu, ndiye muyenera kuzikonza kuti zifanane. Kachitidwe kake nkakuti mumasintha mtengo wa chipinda cha mnzanuyo, osati wanu. Ngati chake chili ndi chinthu chomwe chanu chilibe, chotsani mtengo wa chinthucho. Ngati chake chikusowa chomwe chanu chili nacho, onjezerani.

Madzi ndi osavuta. Funsani kuti munthu mmodzi kapena banja laling'ono limasonkha zingati pa bilu pamwezi. Tinene kuti ndi 40. Ndiye chipinda cha 560 chija, madzi atachotsedwa, ndi 520.

Magetsi ndi chimbudzi cham'kati n'zovutirapo, chifukwa palibe risiti yosonyeza mtengo wake pa lendi. Njira yabwino ndi kupeza zipinda ziwiri za malo amodzi zosiyana pa chinthu chimodzi chokha. Mukapeza nyumba yomwe zipinda zamagetsi zimaposa zopanda magetsi ndi 50, mwapeza mtengo wa magetsi m'dera lanulo. Chipinda cha 450 chija chikwera kufika pa 500. Mwa njira yomweyo, tinene kuti chimbudzi ndi bafa zam'kati zikuwonjezera 100, ndiye cha 620 chitsika kufika pa 520. Cha kutali ndi msewu chija tiwonjezere 30, chifike pa 510.

Chenjezo limodzi: ngati chipinda chikufuna kuti muchikonze pa zinthu zitatu kapena zinayi kuti chifanane ndi chanu, si choyerekezera chabwino. Kukonza kulikonse kuli ndi kungoganizira pang'ono, ndipo mukaunjika zongoganizira zinayi mudzapeza nambala iliyonse imene mtima wanu ukufuna.

Tsopano ndandalikani kuyambira wotsika: 500, 500, 510, 520, 520. Tengani wapakati pa mndandanda, womwe ndi 510. Ndimakonda kutenga wapakatiyu kusiyana ndi kuphatikiza yonse n'kugawa, chifukwa mtengo umodzi wopenga ukalowerera, kugawa kumakokedwa nawo pomwe wapakati sasuntha kwenikweni. Mitengo ikasonkhana pafupi chonchi, ndiye kuti mwayerekezera bwino. Ikabalalika, wina 400 wina 650, pali kusiyana kwina komwe simunakuone, ndipo bwererani mukaonenso. Kawirikawiri chimakhala chinthu chomwe sichioneka masana, monga phokoso la usiku, madzi osefukira nthawi ya mvula, kapena chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu ndi atatu.

Miyezi yopanda munthu

Mwapeza kuti msika ukulola 510. Anthu ambiri apa amachulukitsa ndi 12, kupeza 6,120, n'kuyamba kukonza mapulani pa ndalama imeneyo. Koma chipinda sichilipidwa miyezi 12 chaka chilichonse.

Bwererani m'mbuyo zaka zitatu, yomwe ndi miyezi 36, muwerenge miyezi imene simunalandire lendi. Muphatikize zonse: pamene munthu watuluka wina asanalowe, masabata amene munatseka kuti mupake penti kapena mukonze denga, ndi miyezi imene munthu ankakhalamo koma anachoka osalipira. Mwezi wangongole yosabwezedwa ndi mwezi wopanda munthu womwewo, kungoti uli ndi nsapato pakhomo. Masabata awiri apa, atatu apo, musawanyoze, aphatikizeni. Ngati chipinda n'chatsopano ndipo mulibe mbiri yake, funso lomweli mufunse eni a zipinda zisanu zija, kuti wokhalamo wam'mbuyo atatuluka panapita nthawi yaitali bwanji.

M'chitsanzo chathu, pa miyezi 36 chipinda chinakhala chopanda munthu miyezi isanu ndipo mwezi umodzi sunalipidwe. Yonse ndi 6, kutanthauza miyezi iwiri pa chaka. Miyezi yolipidwa ndi 10. Choncho 510 kuchulukitsa ndi 10 ndi 5,100, ndipo mukaigawa pa miyezi 12 mupeza kuti chipinda chanu chimakupatsani 425 pamwezi, osati 510.

Kenako lembani zomwe chipindacho chimadya pa chaka. Tinene kuti kukonzakonza ndi 600, zolowa pamene munthu akusinthana ndi mnzake (penti, loko watsopano, kulengeza, ya ejenti) ndi 300, msonkho wa malo ndi 200. Zonse ndi 1,100. Ngati munamanga ndi ngongole yomwe mukubweza 3,600 pa chaka, zofunika kutuluka ndi 4,700. Mukagawa ndi 12 mupeza pafupifupi 392, ndipo mungaganize kuti muli ndi mpata waukulu. Koma gawani ndi miyezi yolipidwa, 10, mupeze 470. Umenewu ndiwo mtengo wanu wapansi, woti mukatsika kupitirira apo mukhala mukuthira ndalama za m'thumba mwanu. Pakati pa 470 ndi 510 pali 40, ndipo umenewo ndiwo mpata wanu wonenerera.

Pali msampha womwe ndinagwamo ndipo ndaona ena akugwamo. Munthu akazindikira kuti amataya miyezi iwiri, amati ndikweze lendi kuti miyezi 10 ilipire ya 12. Amagawa 6,120 ndi 10 n'kutchula 612. Masamu ndi olondola, koma wofuna chipinda alibe nazo ntchito za miyezi yomwe inu munataya. Iye akuona 612 kwanu, 510 kwa neba, n'kupita kwa neba. Miyezi yopanda munthu ija imachoka pa iwiri kufika pa inayi. Kuwerengera miyezi imeneyi kumakuuzani pomwe simungatsike kupitirira ndi zomwe muyembekezere pa chaka. Mtengo woti mutchule umachokera ku kuyerekezera kuja. Ndipo ngati mtengo wanu wapansi wapitirira wapamsika, vuto silili pa lendi. Lili pa ngongole kapena pa zomwe chipinda chikudya, ndipo kukweza sikungalithetse.

Kukwera kapena kudzaza

Mwezi umodzi wopanda munthu umachotsa gawo limodzi mwa magawo 12 a ndalama za chaka, zomwe ndi 8 peresenti ndi pang'ono. Kuti miyezi 11 yotsalayo ibweze ndalamayo, lendi iyenera kukwera ndi 9 peresenti. Miyezi iwiri imafuna 20 peresenti, itatu imafuna 33 peresenti. Msika sulola kawirikawiri kuti muposere anzanu motero.

Taonani chipinda chathu chija pa mitengo itatu. Pa 560, ngati chikhala chopanda munthu miyezi itatu, mulandira 5,040. Pa 510 ndi miyezi iwiri, 5,100. Pa 490, ngati kutsikako kwachititsa kuti munthu alowe msanga ndi kukhalitsa moti mwangotaya mwezi umodzi, mulandira 5,390. Wotsikitsitsa ndiye wabweretsa zambiri. Sindikunena kuti kutsitsa nthawi zonse kumadzaza chipinda. Ngati denga likudontha, ngakhale pa 450 anthu azingotuluka. Koma mitengo iwiri iliyonse imene mukusankhapo, muiyese pa chaka chonse motere musanasankhe.

Masamu omwewa amathandiza munthu akaima pakhomo ndi ndalama m'manja. Mwatchula 510, iye akuti, "Bambo, ine ndingakwanitse 480, ndipo ndilowa mawa." Kusiyana ndi 30 pamwezi, 360 pa chaka. Chipinda cha 510 chikakhala chokhoma chimataya 17 tsiku lililonse. Gawani 360 ndi 17, mupeza masiku 21. Ndiye funso n'lakuti, kodi muli ndi chikhulupiriro kuti wa 510 apezeka masabata atatu asanathe? Ngati mafoni akulira tsiku ndi tsiku, dikirani. Ngati uyu ndi woyamba kubwera m'masiku khumi, ndipo 480 ili pamwamba pa 470 yanu ija, mulandireni. Mugwirizane polemba kuti mtengo mudzaunikanso pakatha miyezi 12, kuti kutsitsako kusakhale kwa muyaya. Kunenerera kusakuiwalitseni kufufuza munthuyo, chifukwa wolonjeza 510 n'kumalipira mwa apo ndi apo amaposedwa ndi wa 480 wolipira tsiku lake.

N'chimodzimodzi pokwezera munthu amene ali kale m'nyumba. Mukamukwezera ndi 50 iye n'kutuluka, chipinda n'kukhala mwezi umodzi, pafunika miyezi yoposa 10 ya mtengo watsopanowo kuti mubweze 510 yotayikayo, osawerengera penti ndi loko. Wolipira bwino ndimamusiya pansi pang'ono pa mtengo wapamsika mwadala. Musanakweze, fufuzaninso malamulo a kwanuko, popeza madera ena amaika malire a kakwezedwe ka lendi, kutalika kwa notisi, ndi kuchuluka kwa dipoziti.

Likakhala benchi la pamsika

Njira ndi yomweyi, koma chimene mukugulitsa n'china. Wochita lendi benchi sakulipira matabwa ndi malata, akulipira anthu odutsa patsogolo pake. Mabenchi awiri opangidwa ndi kalipentala mmodzi, otalikirana mapazi makumi awiri okha, akhoza kusiyana mtengo kwambiri chifukwa lina lili pakhomo lolowera, lina lili kumapeto kwa mzere komwe anthu amabwerera asanafike.

Choyamba dziwani ngati muli ndi chilolezo. M'misika yambiri malo ndi a khonsolo kapena a oyendetsa msika, ndipo kwina saloleza kuti amene anapatsidwa malo achititse lendi kwa wina. Funsani ku ofesi ya msika, chifukwa mungathe kulandidwa malowo. Dziwaninso amene azilipira chiphaso cha tsiku ndi tsiku, ndi ndalama za mlonda ndi zosesera. Poyerekezera, muzichotse kapena kuziwonjezera monga tinachitira ndi madzi aja.

Kenako werengani anthu. Imani pabenchi lanu ndi wotchi, muwerenge odutsa kwa mphindi 10, m'mawa, masana ndi chakumadzulo. Chitani zomwezo pa mabenchi amene mukuyerekezera nawo, pa maola omwewo, tsiku lina lodzaza ndi tsiku lina lozizira malonda. Ngati pa benchi la 300 padutsa anthu 120 pomwe pa lanu padutsa 70, lanu si la 300. Koma musangogawa molunjika ngati kuti munthu aliyense wodutsa ali ndi mtengo wofanana. Anthu othamangira kukwera galimoto amadutsa ambiri osaima, pomwe mzere wa katundu wamtundu umodzi umakoka ochepa amene abwera kudzagula ndithu. Choncho onaninso kuti mwa odutsawo ndi angati akuima n'kugwira katundu. Mthunzi, denga losadontha, ndi malo okhoma osungira katundu usiku ndi zinthu zina zokonzera mtengo.

Chosiyana china n'chakuti miyezi yopanda munthu pabenchi imabwera pamodzi, nthawi imene malonda afooka, ndipo imabwera kwa onse mumzerewo. Nthawi imeneyo ngakhale mutsitse, wolowa watsopano amavuta kumupeza. Tinene kuti msika wanu umayenda bwino miyezi isanu ndi itatu, inayi n'kufooka, ndipo mabenchi ofanana ndi lanu ndi 300. Mukalipiritsa 300 wogulitsa n'kumachoka malonda akafooka, mulandira 2,400. Mukapangana naye chaka chonse pa 240, mulandira 2,880. Mukati 300 pa miyezi yabwino ndi 150 pa yofooka, mulandira 3,000. Ine ndimakonda njira yachitatuyi, osati chifukwa cha 120 yapamwambayo yokha, koma chifukwa imatseka khomo lina. Pa mgwirizano wa 240, wogulitsa akhoza kudyerera miyezi yabwino pa mtengo wotsika kenako n'kuchoka yofooka ikafika, inu n'kutsala ndi 1,920 yokha. Pa njira yachitatu, akachoka mumakhala mutalandira kale mtengo wonse wa miyezi yabwino.

Kulipiritsa pa tsiku kumanyenga maso. Mukati 15 pa tsiku, masiku 26 amalonda pamwezi, mukuona 390. Koma benchi likakhala ndi munthu masiku 16 okha, ndi 240, kuphatikizapo ntchito yoyendera ndalamazo tsiku lililonse. Musanasankhe njirayi, khalani mwezi wathunthu mukuchonga m'kope masiku amene mabenchi olipiritsa pa tsiku ali ndi munthu.

Mukalengeza, mvetserani

Mtengo woti mulengeze uzikhala pamwamba pang'ono pa wapakati uja, koma usatuluke m'malire a zomwe munapeza. M'chitsanzo chathu ndi 520, muli okonzeka kufika pa 500, ndipo mukudziwa kuti pansi penipeni ndi 470. Yambani kulengeza tsiku lomwe wokhalamo wapereka notisi, osati tsiku lomwe wabweza kiyi, ndipo mmisiri wa penti mupangane naye tsiku nthawi idakalipo. Miyezi yambiri yopanda munthu imayambira pa kuchedwa kumeneku, osati pa mtengo.

Masabata awiri oyamba adzakuuzani ngati mwalondola. Ngati palibe wofunsa n'komwe, mwina uthenga sunafike kwa anthu, apo ayi mtengo wakwera kwambiri moti akuthawa asanaone. Yambani mwakonza kalengezedwe, ndipo zikapanda kusintha mutsitse. Ngati akubwera ambiri, kuona, n'kupita osabwerera, pali chinthu chomwe akuona chosagwirizana ndi mtengowo. Mufunse mmodzi akamatuluka kuti, "Mayi, ndiuzeni zoona, chakubwezani n'chiyani?" Nthawi zina yankho limakhala chitseko cha bafa chosatsekeka, choti mukonza ndi ndalama zochepa kuposa zomwe mukanatsitsa. Ngati woyamba kufika walipira osanenerera ndipo ena atatu akuimbabe foni, munatchipitsa. Mgwirizano mwapanga kale, usungeni, koma lembani m'kope kuti mudzakonze ulendo wina.

Potsitsa, tsitsani kamodzi mooneka, osati kumachotsa 5 sabata iliyonse anthu n'kumadikira kuti mutsikenso. Dziikireni tsiku musanayambe, kuti likafika tsiku la 14 popanda wolowa, mtengo utsika kuchoka pa 520 kufika pa 490. Mukapanda kudziikira tsiku mudzakhala ngati ine, kumati "tione sabata ya mawa" mpaka miyezi itatu.

Munthu akalowa, pa lendi iliyonse muzipatula gawo la miyezi yopanda munthu. Miyezi iwiri pa 12 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndiye pa 510 muzipatula 85 n'kumadya kapena kubweza ngongole ndi 425 yotsalayo. Ikatha miyezi 10 mudzakhala mutasunga 850, yomwe ndi 425 kawiri, yokwanira miyezi iwiri imene kiyi adzabwerere pamsomali. Dipoziti ya wochita lendi musaiphatikize m'thumba limeneli, chifukwa si yanu ndipo adzaifuna tsiku lotuluka.